Kufotokoza mawu aukatswiri kwa anthu osakaniza Chichewa ndi Chingelezi: tiyesere pa Clear cache ndi Clear data

Muli bwanji nonse, takulandirani. Lero ndikulankhula ndi inu amene mumafotokozera anthu zinthu za foni ndi kompyuta, kaya mumapanga mavidiyo, kaya mumaphunzitsa, kaya ndinu uja amene pabanja panu aliyense foni ikavuta amathamangira kwa inu. Anthu amene timawafotokozerawo ambiri salankhula Chichewa chokhachokha komanso salankhula Chingelezi chokhachokha, amasakaniza, ndiye munthu umaganiza kuti ntchito yaphweka poti mawu achingeleziwo akuwadziwa kale. Vuto limabisala pomwepo. Mawuwo akuwadziwadi, koma tanthauzo limene ali nalo m'mutu nthawi zina si limene foni ikunena.

Titenge chitsanzo chimodzi basi tichipere bwinobwino.

Pa sikirini: foni ya Android, tikulowa mu Settings, kenako Apps, tasankha apu imodzi, kenako Storage.

Mwawaona mabatani awiriwa? Limodzi lalembedwa Clear cache, linalo Clear data. Ali moyandikana, kukula kwake n'kofanana, onse akuyamba ndi mawu amodzi. Koma loyambali limachotsa tinthu tosakhalitsa timene apu imasungira pafupi kuti izitseguka msanga, pomwe lachiwirili limabwezera apu yonse mmene inalili tsiku limene munaiika mufoni. Akaunti yatuluka, zonse zimene munasintha zabwerera poyambira, ndipo ngati ndi apu yamameseji ngati WhatsApp, macheza onse amene anali mu apumo apita, pokhapokha ngati muli ndi bakapu yoti mubwezeretse.

Tsopano tayerekezani kuti mukufotokozera munthu amene foni yake yadzadza. Inu mukuti, dinani Clear cache koma musakhudze Clear data chifukwa mufufuta deta yanu. Kwa inu mwamaliza, mwachenjeza. Koma iyeyo akamva kuti deta, akumva chani? Akumva bandulo. Akumva ija imene amagula kuti alowe pa intaneti, ija amati deta yandithera. Ndiye mumtima akuti aaa, bandulo yanga inatha kale dzulo, palibe chimene nditaye, bola foni ipepuke. Wadina. Foni imafunsa kaye ngati akutsimikiza, koma imafunsa m'Chingelezi chokhala ndi mawu omwewo a deta, ndiye wavomera. Macheza apita.

Palibe amene wanama apa. Inu munanena zoona, iye anamva bwino mawu onse, koma mawu amodzi anali ndi matanthauzo awiri ndipo aliyense anagwira lake. Mufoni momwemo mawuwa amagwira ntchito pawiri: pa Mobile data akunena intaneti yodzera pa simu, pa Clear data akunena zinthu zimene apu yasunga. Munthu wolankhula mosakaniza anatenga tanthauzo loyambalo n'kulilowetsa m'Chichewa chake cha tsiku ndi tsiku, lachiwirilo sanalitenge. N'chifukwa chake ine ndimaopa kwambiri mawu amene anthu akuwadziwa kale kusiyana ndi mawu achilendo. Mawu achilendo munthu amaima n'kufunsa. Mawu odziwika amangogwedeza mutu, inu n'kupitiriza.

Ndiye tipange bwanji? Ena amati timasulire zonse, tipeze mawu a Chichewa chenicheni. Ine pa mabatani sindigwirizana nazo. Mukamuuza munthu kuti dinani pamene alemba kuti chotsani zosungidwa mongoyembekezera, akatsegula foni yake sapeza zimenezo, apeza Chingelezi, ndiye ayamba kulota kuti mwa mabatani awiriwa limene mumanena ndi liti. Mwamuwonjezera ntchito yomasulira chobwerera, ndipo ndi pomwe angalakwitse. Dzina la batani lisiyeni mmene lilili pa sikirini, litchuleni, liwonetseni, ngati n'kotheka lizungulizeni ndi mzere wofiira. Chichewa chanu chisungireni ntchito ina, yofotokoza chimene chichitike akadina.

Ndipo dongosolo lake ndi lofunika. Musayambe ndi dzina. Yambani ndi chinthu chimene munthuyo anachiwonapo ndi maso ake, dzina libwere pambuyo. Tamverani kusiyana kwake.

Njira yoyamba, imene ambirife timathamangira: kashi ndi memore yosakhalitsa imene apu imasungamo mafayilo kuti izilodi mwachangu. Chiganizo chimenechi chikumveka ngati Chichewa koma muwerenge mawu obwereka amene alimo, memore, mafayilo, kulodi. Mwafotokoza mawu ovuta amodzi pogwiritsa ntchito mawu ena atatu amene nawonso akufunika kufotokozedwa. Komanso pali kena koseketsa, mawu akuti cache katchulidwe kake n'kofanana ndi kashi wa ndalama, ndiye ukangonena pakamwa osawonetsa kalembedwe kake, wina angaganize kuti mukukamba zochotsa ndalama mufoni. Musaseke, munthu amene amasunga ndalama pafoni ali ndi chifukwa chochitira mantha.

Njira yachiwiri: munaonapo kuti chithunzi chimene munachitsegula kale pa apu, mukabwererako chimatseguka pompopompo, pomwe chatsopano chimayamba chazungulirazungulira kaye? N'chifukwa choti apu inasunga kope lake mufoni mwanu kuti isavutike kukachitenganso pa intaneti. Makope amenewo akachuluka amadya malo. Batani lowachotsa ndi ili, lalembedwa Clear cache. Mukadina, akaunti yanu ikhala momwemo, mameseji anu akhala momwemo.

Yatalika eti? Inde yatalika, mwina kuwirikiza kanayi kapena kasanu. Koma munthuyo tsopano ali ndi chinthu chogwira, ndipo dzina lija lafika pamene malo ake akonzedwa kale.

Pa batani linalo, ine mawu oti deta sindiwatchula n'komwe m'kufotokoza kwanga, kupatula powerenga dzina la batanilo, ndipo ndikangoliwerenga ndimatseka khomo nthawi yomweyo. Ndimati, ili lalembedwa Clear data, koma chenjerani, apa sakunena bandulo yanu ayi, bandulo siikhudzidwa. Akunena zonse zimene apuyi ikukumbukira za inu. Mukadina ikuiwalani, ikufunsaninso nambala kapena pasiwedi ngati mlendo. Mwaona? Kunena chimene mawuwo sakutanthauza nthawi zina kumathandiza kuposa kunena chimene akutanthauza, makamaka pamene mukudziwa kuti m'mutu mwa omvera muli kale tanthauzo lina limene lakhazikika.

Mafanizo nawo, tigwiritse ntchito koma mosamala. Mutha kunena kuti kashi ili ngati timapepala tolembapo mwachangu timene tili patebulo, pomwe zinazo ndi kaundula weniweni wa mu ofesi, kutaya timapepala si nkhani koma kuwotcha kaundula ndi mlandu. Fanizoli likugwira. Koma lili ndi polekezera, ndipo muyenera kunena polekezerapo, apo ayi munthu alipitiriza yekha mpaka kukafika kolakwika. Timapepala ukataya tatayika basi. Kashi imabwerera. Apu ikangotsegulidwa iyambanso kukatenga zithunzi zija pa intaneti n'kuzisunganso, ndiye munthu amene amachotsa kashi tsiku lililonse poganiza kuti akusamalira foni, malo amene wapeza adzadzanso posachedwa, ndipo kukatenganso zinthuzo kukudya bandulo yake. Taonani mmene zasokonekera, batani limene lilibe mawu oti deta ndi limene lingamudyere bandulo pang'onopang'ono. Fanizo la timapepala silingamuuze zimenezo, muyenera kumuuza ndinu. Ndipo fanizo likhale limodzi. Mukayamba ndi tebulo kenako mwalumphira ku china kenako china, munthu amayamba kuloweza mafanizo m'malo mwa foni.

Chimodzimodzi dzina. Mukasankha kuti m'vidiyo yonse muzinena kuti malo osungira, khalani pomwepo mpaka kumapeto. Osati apa malo osungira, apo sitoreji, kutsogolo memore, kenako sipesi. Kusukulu anatiphunzitsa kuti kubwereza mawu amodzimodzi n'kusalemba bwino, koma pofotokoza zaukatswiri mawu atsopano aliwonse womvera amawatenga ngati chinthu chatsopano. Makamaka memore ndi yoopsa, chifukwa ena akanena memore akunena malo osungira zithunzi ndi mavidiyo, ena akunena RAM, imene ndi malo ogwirira ntchito apu ikakhala yotsegula ndipo zimene zili mmenemo zimachoka foni ikazimitsidwa. Foni yolembedwa 4 GB ndi 64 GB, manambala awiriwo ndi zinthu ziwiri zosiyana ngakhale muyeso wake ndi umodzi. Koma imeneyo ndi vidiyo ina payokha, tisasochere.

Nanga mudziwa bwanji kuti munthu wamva? Funso loti mwamva silithandiza, aliyense amayankha kuti eya, ena chifukwa cha ulemu, ena chifukwa akukhulupiriradi kuti amva, ngati mnzathu wa bandulo uja. Kumuuza kuti abwereze tanthauzo nakonso n'kosakwanira, munthu atha kubwereza mawu anu onse bwinobwino osadziwa kanthu. Mufunseni kuti alosere. Mwachitsanzo, mukadina Clear data pa apu iyi, mawa mukaitsegula muona chani? Akati indifunsa kuti ndilowenso mu akaunti, wamva. Akati intaneti isiya kugwira kapena bandulo itha, mwadziwa pamene pali dzenje ndipo mwadziwa kuti ndi mawu ati amene akumusokoneza, bwererani pomwepo osati kuyambiranso zonse. M'vidiyo simungamve yankho, komabe funsani, khalani chete masekondi atatu kapena anayi, kenako yankhani nokha. Amene analosera molakwika adzigwira yekha.

Chinthu china chimene chimagwetsa mafotokozedwe abwinobwino n'choti mafoni salemba mofanana. Pa mafoni ena a Android batani loopsa lija silinalembedwe Clear data, lalembedwa Clear storage, ndipo munthu amene foni yake yadzadza akaona mawu amenewo amaona ngati ndi mankhwala enieni a vuto lake. Tsamba lenilenilo pena ndi Storage, pena ndi Storage & cache. Ndiye ngati munangomuloweza dzina limodzi osamuuza ntchito yake, pafoni ina asochera. Tchulani mayina onse awiri, muwonetse masikirini onse awiri ngati muli nawo, kenako mumupatse chogwirira chimene sichidalira mtundu wa foni: batani lokhala ndi mawu akuti cache ndi limene akufuna, linalo asalikhudze asanaonetsetse kuti bakapu ilipo ndipo pasiwedi akuikumbukira. Amene ali ndi iPhone auzeni poyambirira penipeni kuti mu Settings mwawo mabatani awiriwa sawapeza mwanjira imeneyi, asataye nthawi kufunafuna.