Chikondi ndi mwamuna kapena mkazi? Kumasulira "iye" m'Chingerezi

Moni nonse amene mukuonera. Tayang'anani chiganizo ichi.

PA SIKIRINI: Chikondi anafika usiku.

Kwa ife chiganizochi n'chokwanira, palibe chimene chikusowa. Koma mukangoyamba kuchimasulira m'Chingerezi, chiganizo chotsatira chikufunsani funso limene Chichewa sichinafunse: Chikondi ameneyu ndi mwamuna kapena mkazi? Chingerezi chimafuna musankhe he kapena she, pomwe ife tili ndi "iye" mmodzi wa onse. "Wake" ndi wa onse, ka "a-" koyambirira kwa mneni ndi ka onse, "-mu-" wa m'mawu akuti "anamuona" nayenso sasankha. Dzinanso silitipulumutsa, chifukwa a Chikondi, a Chisomo, a Mphatso ndi a Thokozani alipo aamuna, aliponso aakazi.

Ine ndinapsapo pamenepa. Ndikuyamba kumene ntchitoyi ndinamasulira nkhani ya mlimi wina wa mtedza, masamba atatu athunthu, ndikulemba he kuyambira pamwamba mpaka pansi. Pandime yomaliza mlimiyo anati anabzala mochedwa chaka chimenecho chifukwa anali woyembekezera. Ndinachita manyazi kwambiri. Palibe mawu aliwonse m'nkhaniyo amene ananena kuti ndi bambo. Ndinangomva kuti "mlimi", m'mutu mwanga n'kuona mwamuna ali ndi khasu. Kuyambira pamenepo sindilemba he kapena she ndisanawerenge nkhani yonse mpaka kumapeto.

Tiyeni tiyesere limodzi ndime iyi.

PA SIKIRINI: Chikondi anafika usiku. Anapeza mlongo wake akudwala, ndipo anamutengera kuchipatala. Mng'ono wake anatsala ndi agogo. Iwo sanagone usiku wonse. Chikondi anakwatiwa ku Mitundu chaka chatha.

Muli anthu anayi umu: Chikondi, mlongo wake, mng'ono wake ndi agogo. Tengani pepala, mulembe mayina awo mondondoza, ndipo pambali pa aliyense musiye mpata wolemba umboni.

Umboni wa Chikondi uli kumapeto kwenikweni, m'mawu akuti "anakwatiwa". Pa Chichewa mwamuna amakwatira, mkazi amakwatiwa. Kusiyana kwake n'kochepa, "-ra" ndi "-wa" basi, koma apa pakusenza nkhani yonse. Chikondi ndi mkazi, choncho ndi she. Chiganizocho chikanati "ali pabanja" kapena "anakwatirana chaka chatha", tikanakhala tisanadziwe kanthu.

Tsopano pamene pamakoma ndi pa "mlongo". Ambiri tinazolowera kuganiza kuti mlongo ndi mkazi basi, mwina chifukwa timamva kawirikawiri anyamata akunena kuti "mlongo wanga". Koma mlongo ndi m'bale wako amene musiyana naye: wa mwamuna ndi mkazi, wa mkazi ndi mwamuna. Popeza Chikondi ndi mkazi, mlongo wakeyo ndi mwamuna. "Mng'ono" amayenda mwanjira ina, chifukwa mwachikhalidwe ndi m'bale wamng'ono amene mufanana naye, mtsikana kwa mtsikana, mnyamata kwa mnyamata. Ndiye mng'ono wa Chikondi ndi mtsikana.

PA SIKIRINI: Chikondi arrived at night. She found her brother ill and took him to the hospital. Her younger sister stayed with…

Mwaona mmene anthu atatuwa amangirirana pa chingwe chimodzi? Mukanalakwitsa Chikondi n'kumuyesa mwamuna, wodwala uja akanasanduka mkazi, mng'ono uja akanasanduka mnyamata. Cholakwa chimodzi chikanabala zitatu, ndipo Chingerezi chake chikanamveka bwinobwino moti wowerenga sakanakayika. Kulakwitsa kotereku n'koopsa chifukwa sikuonekera.

Komabe musaike mawu atatuwa pamlingo umodzi. "Anakwatiwa" ndi umboni wolimba. "Mlongo" ndi wolimbirako. "Mng'ono" ndiye ndimamukayikira, chifukwa m'tauni masiku ano mtsikana amatha kunena kuti "mng'ono wanga" akuloza kamnyamata. Ngati akufotokoza ndi gogo wa kumudzi, ndimamukhulupirira. Ngati ndi wachinyamata wa ku Ndirande, ndimafunafuna umboni wachiwiri.

Tatsala ndi agogo, ndipo apa ndime yathu yakhala chete. Agogo akhoza kukhala aakazi kapena aamuna, chimodzimodzi apongozi, alamu ndi amfumu. Wina anganene kuti wotsala ndi mwana pakhomo amakhala gogo wamkazi. Kumeneko n'kungoganiza, ngati ine ndi mlimi wanga uja. Choyamba n'kufunsa mwini nkhani. Uthenga umodzi pafoni wakuti "agogowa ndi aakazi kapena aamuna?" umatha nkhani yonse, ndipo kufunsa sikuchotsa ulemu wa womasulira.

Ngati mwini nkhani sakupezeka, lembani Chingerezi chosasankha mbali. Mukhoza kusiya mawu akuti Agogo momwemo ngati dzina, n'kumawabwereza m'malo mwa mlowam'malo.

PA SIKIRINI: Her younger sister stayed with Agogo. Agogo did not sleep all night.

Mwina mukufunsa kuti, bwanji osangolemba they, poti Chichewa chati "iwo"? Chingerezi chimalola they kwa munthu mmodzi amene sakudziwika ngati ndi mwamuna kapena mkazi, ndipo nthawi zina n'chida chabwino. Koma taonani ndime yathuyi. Pakhomo patsala anthu awiri, agogo ndi mdzukulu. Mukalemba they, wowerenga amva kuti onse awiri sanagone. Pomwe "iwo" wathuyu akhoza kukhala wa ulemu, woloza agogo okha. Ine ndikumumva choncho, chifukwa agogo ndiwo atchulidwa kumene, komanso ndiwo oyenera kupatsidwa "iwo". Ngati nkhani yonse ikuonetsa kuti akunena onse awiri, pamenepo they ndiye woyenera. Choncho "iwo" aliyense mumufunse mafunso awiri: ndi anthu angati, ndipo ngati ndi mmodzi, ndi ndani?

Funso lachiwirili limavutanso m'nkhani za atsogoleri, kumene aliyense ndi "iwo". Mukaona kuti "Pulezidenti Banda anati iwo sadzalola", yang'anani chaka. Ngati ndi 1975, ndi Kamuzu Banda, he. Ngati ndi 2013, ndi Joyce Banda, amene analamulira kuyambira 2012 mpaka 2014, she. Mukaona nkhani ya mfumu Kachindamoto ya ku Dedza yothetsa maukwati a ana, musathamangire he chifukwa cha mawu akuti mfumu. Ameneyo anali Theresa Kachindamoto, mayi.

Nthawi zina dzina la mfunda limakuthandizani. "Na-" wa Nabanda, Naphiri kapena Nambewe amaloza mkazi. Koma "a Phiri" paokha sakukwana, chifukwa papepala amayi ambiri amalembedwa Phiri ngati dzina la bambo awo kapena la amuna awo.

Pomaliza, mukatha kumasulira, bwererani pa pepala la mayina lija. Sakani he, she, his, her ndi him aliyense m'Chingerezi chanu, ndipo pa aliyense lozani mawu a Chichewa amene akukupatsani chilolezo. Pa ndime yathu, she akuchokera pa "anakwatiwa", him akuchokera pa "mlongo". Amene mwalephera kumulozera mawu, mchotseni, muikepo dzina, kenako mulembe funso lopita kwa mwini nkhani. Makamaka ngati ndi umboni wa kupolisi kapena kalata ya kuchipatala, musatumize ntchitoyo funsolo lisanayankhidwe.