Alamu, musagule miyoyo ija, ndipo wotchi ya foni musaikhudze

Alamu, mwaswera bwanji kumeneko ku Katete? Ine ndili pano pa Kapata, phokoso ndi la njinga zamoto izi, mupirire. Nkhani ya gemu ija mwati ikukutsekerani, ayi, foni sinawonongeke, musabwere nayo. Anaipanga dala choncho.

Onani, tiyambe ndi... ayi, choyamba yang'anani pamwamba pa sikirini, pali kamtima kali ndi nambala. Mu Candy Crush Saga, ija inatuluka mu 2012, amakupatsani miyoyo 5. Mukalephera levulo, moyo umodzi wapita. Mukapambana sakuchotserani. Ndiye moyo umodzi umabwerera pakatha mphindi 30. Magemu ena amaika kamphezi n'kumati eneji, koma ndi chinthu chomwecho.

Tsono funso lanu lija, loti bwanji osangotisiya tisewere. Gemu munaitenga ulere, si choncho? Eni ake adya chiyani? Amagulitsa kudikira komweko. Ndipo taonani nthawi imene chitseko chimatsekeka. Sichitsekeka mukamapambana ayi, chimatsekeka pamene mwalephera kasanu, mwatsala ndi kamaswiti kamodzi, mtima ukutentha. Pomwepo kabokosi katulukira, gulani miyoyo, kapena pemphani kwa anzanu. Magemu ena amati onerani kanema wa malonda tikupatseni. Kanemayo eni gemu amalipidwa ndi otsatsa, inu mwalipira ndi bandulo yanu. Anthu ambiri sagula, koma ochepa amene amagulawo ndi amene amadyetsa kampani.

Chinanso, safuna mukhute. Mukasewera maola 6 tsiku limodzi mutopa nayo, malevulo atha, muifufuta. Koma akakulandani mbale mukadali ndi njala, mubwera m'mawa, mubwera masana, mubwera usiku, mpaka dzanja lizolowera lokha.

Ndiye chochita ndi ichi. Werengani: miyoyo 5, uliwonse mphindi 30, ndi maola awiri ndi theka. Mwandimva? Ndibwereze. Mukamaliza yonse 12 koloko masana, ikhala itadzaza hafu pasiti 2. Ikadzaza imaima, ngati ndowa pa mjigo, siipitirira 5. Ndiye kusuzumira mphindi 30 zilizonse kuti mupeze kamoyo kamodzi, ndi kumene akukufunani kumeneko. Isiyeni idzaze, sewerani, ikatha ikani foni m'thumba. Ndipo zimitsani kabelu kake, kaja kamakuitanani kuti miyoyo yadzaza. Dinani kachithunzi ka gemu osachotsa chala, lowani pa `App info`, kenako `Notifications`, zimitsani.

Eya, tsono ichi ndiye ndikufuna mumvetsetse. Pali anyamata akuuzani kuti kankhirani wotchi ya foni kutsogolo, miyoyo idzaza. Musayese, alamu. Ine ndinachita pa kagemu kena, sindikatchula. Ndinakankha maola atatu, zinatheka, miyoyo mbwee. Itatha ndinakankhanso. Kenako ndinati bwanji maola, ndingosintha tsiku. Usiku umodzi wokha foni yanga inali itapita patsogolo ndi masiku 6. M'mawa mauthenga sakulowa, akuti deti ya foni ndi yolakwika, makasitomala akundifuna. Ndinabweza wotchi. Kutsegula gemu, pamene pamalembedwa mphindi 30 palembedwa maola opitirira 140.

Mwaona chimene chinachitika? Gemu imalemba nthawi imene munataya moyo womaliza. Ine ndinautaya pa tsiku limene silinafike. Ndiye inkadikira kuti tsiku limenelo lifike kaye, kenako iyambe kuwerenga mphindi zake 30. Imeneyo ndiyo njira yodziwira, mukaona nambala yodikira yakula modabwitsa, wina wagwira wotchi. Ndipo magemu ambiri tsopano nthawi amaitenga pa intaneti, kwa eni ake, ndiye mungosokoneza foni pachabe. Pa `Date & time` paja, siyani pa otomatiki.

Kuli mnyamata wina wa kabaza kuno, ndinamuuza zomwezi ndi pakamwa panga. Sanamve. Anakankha wotchi, belu lomudzutsa linalira nthawi yolakwika, mayi amene amawanyamula kupita ku Saturday Market m'bandakucha anakwera njinga ya wina. Anabwera kuno akuti foni yalodzedwa.

Aa, ndikanaiwala, mwana uja. Junior amagwira foni yanu, eti? Ngati munalumikiza khadi ya kubanki, lowani mu Play Store, mupeze pamene amafunsa za kutsimikiza pogula, muike kuti izifunsa pasiwedi nthawi zonse. Nthawi zonse, osati ija ya mphindi 30 zilizonse, chifukwa mkati mwa mphindi zimenezo mwana atha kugula kangapo osafunsidwa. Mukasowa pamene pali, jambulani sikirini munditumizire madzulo ndikaweruka. Mundiperekere moni kwa achemwali.