Za imelo yoitana anthu odzipereka ija

Eee chemwali mwaswera bwanji, ndangoti ndikutumizireni voisi chifukwa kutaipa ndichedwa. Imelo ija ndaiwerenga, mawu ake ngokoma ndithu koma musaitumize kaye. Vuto lake munthu akafika kumapeto sakudziwa kuti akavomera ndiye kuti wavomera chani.

Yambani ndi pa Subject. Pamene mwangolemba kuti "Pempho" fufutanipo muike kuti "Tikufuna anthu 6 odzipereka kuwerenga ndi ana Loweruka m'mawa". Ambiri amaonera pafoni ndiye kamzere kameneko ndi kamene kamachititsa munthu kutsegula kapena kungodutsa. Zoti ndife ndani ziganizo ziwiri zakwana, mbiri yonse ya gulu adzaimva akabwera.

Tsono apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse. Mwalemba kuti "mungathandize nthawi iliyonse yomwe mwapeza mpata", mawu amenewo achoke. Ineyo ndinalembapo chonchi ulendo wapita uja, anthu anayankha mokondwa kuti tilipo tilipo, koma sabata yachitatu ndinapezeka ndili ndekha pakhomo ndi makiyi m'manja, ana atakhala kale pamzere ndi mabuku awo akundifunsa kuti aphunzitsi ena aja ali kuti. Sindiwada anthuwo ayi, sindinawauze chenicheni ndine. Ndiye lembani kuti ndi Loweruka lililonse 9 koloko mpaka 11 koloko, kwa miyezi itatu, komanso kamsonkhano ka ola limodzi kumapeto kwa mwezi. Muwawerengere nokha kuti mwezi wa Maloweruka anayi ndi maola 9 onse pamodzi, munthu aone yekha ngati zikukwana ndi ntchito yake komanso zapakhomo. Miyezi itatuyo musaiiwale chonde, anthu amaopa kulowa chinthu chosadziwika pothera, muwauze kuti ikatha aliyense adzasankha kupitiriza kapena kupuma popanda womuona molakwika.

Za ndalama musazungulire, nenani kuti palibe malipiro kapena alawansi. Ena abwerera pompo, zili bwino, kusiyana n'kuti adzakhumudwe atayamba kale. Muonjezerenso kuti amene sabwera atiuze pofika Lachinayi kuti tipeze wina, ndipo oyamba kumene sitiwasiya okha ndi ana, tsiku loyamba amakhala pambali pa munthu wozolowera.

Kumapeto pemphani chinthu chimodzi basi, ayankhe imelo yomweyo ndi dzina, nambala ya foni komanso Loweruka lomwe angayambe, ndipo muike deti yotsekera. Mukapanda deti aliyense amati ndiyankha mawa.

Aaa ndinatsala pang'ono kuiwala, maadiresi a anthu muwaike pa Bcc osati pa To kapena Cc, apo ayi aliyense aona maimelo a anzake ndipo wina akadina Reply all uthenga wake upita kwa onse. Mukakonza mudzitumizire nokha kaye muitsegule pafoni, kenako munditumizire ndiione usiku uno.