Achemwali, za buledi wa abambo uja, mvetserani musanapite ku Boma

Achemwali, mwaswera bwanji uko? Ndaona chithunzi cha buledi amene achimwene anagula dzulo chija, ndiye ndati ndijambule mawu, kulemba kungandichedwetse. Mumvetsere mpaka kumapeto musanakwere kabaza. Mukafuna muwatumizirenso achimwene, poti masiku ambiri ogula ndi iwowo.

Buledi ameneyu si amene anamwino ananena uja ayi, wa tirigu wosakonola, woti abambo azidya chifukwa cha matenda awo a shuga. Achimwene sanalakwe, anaona kuti ndi wofiirira, pamwamba pali tinjere, mtengo wake ndi wokwererapo, ndiye anati ndi yemweyu. Inenso ndikanagula yemweyo ndikanakhala kuti sindinagwirepo ntchito kophika buledi zaka zija. Koma mtundu wa buledi suuza munthu chilichonse. Ndaonapo ndi maso angawa ufa woyera mbee ukulowa m'chosakanizira, munthu n'kuthiramo timadzi takuda ta shuga wowotcha, buledi n'kutuluka wofiirira bwinobwino.

Tiyambire kuchigayo, poti kumeneko tonse timakudziwa. Mukatenga chimanga n'kukagayitsa osakonola, mumapeza mgaiwa. Mukakonola, madeya amachoka, kamtima kaja kamachokanso, imatsala mphale, ndipo ufa wake ndi woyera uja. Tirigu ndi chimodzimodzi. Njere yake ili ndi zigawo zitatu: khungu lakunja lomwe ndi madeya, kamtima kamene kamamera, ndi mnofu woyera wam'kati. Pa magalamu 100 a tirigu, mnofu woyerawo ndi pafupifupi magalamu 83, madeya pafupifupi 14, kamtima sikafika n'komwe magalamu 3. Koma faiba, imene imathandiza kuti munthu asadzimbidwe komanso kuti chakudya chisathamangire kusanduka shuga m'magazi, yambiri ili m'madeyamo. Mafuta abwino ndi mavitamini ena ali m'kamtimako. Ndiye chimene anamwino akufuna kwa abambo ndi buledi wa mgaiwa wa tirigu, njere yonse yogayidwa pamodzi. Tsono mukathira makala muufa woyera, ukhala mgaiwa? Sungakhale. Ndi zimene zachitika ndi buledi wa achimweneyu.

Mukafika m'shopu, kutsogolo kwa paketi musakuwerengere. Kumeneko n'kokopera ogula, amajambula ngala za tirigu, amalemba zilembo zikuluzikulu. Tembenuzani paketiyo, muyang'ane kumbuyo kapena m'mbali, pamene pali tizilembo ting'onoting'ono toyamba ndi mawu akuti Ingredients. Mutenge magalasi anu aja, poti tizilembo take n'tosautsa. Pamenepo amalemba zonse zimene athira, ndipo amazindandalika motsata kulemera: chimene chachuluka kwambiri chimayamba, chochepetsetsa chimakhala kumapeto. Ndiye mawu oyamba enieniwo ndi amene akuuzeni kuti buledi wapangidwa ndi chiyani.

Liwu limene mukulisaka ndi limodzi, whole. Ndilitchule chilembo chilichonse: W, H, O, L, E. Limatanthauza chathunthu, chosachotsako kanthu. Mukaona whole wheat flour, kapena wholemeal flour, kapena whole grain wheat poyambirira penipeni pa mndandanda, ameneyo ndi wathu. Mukaona wheat flour basi, popanda liwu lija kutsogolo, umenewo ndi ufa woyera. Anthu ambiri amagwa pomwepa. Amati si alemba kuti tirigu? Eya alemba, koma ufa wa mandasi ndi wa masikono nawonso ndi wa tirigu. Kukhala wa tirigu sikutanthauza kuti sunakonoledwe.

Ndikuwerengereni za pa chithunzi munatumiza chija, ndachikulitsa pafoni pano. Kutsogolo alemba Brown, m'munsi mwake Multigrain. Kumbuyo koyamba ndi wheat flour, kenako madzi, kenako wheat bran, yisiti, mchere, shuga, ndiye tinjere tosakaniza, pomaliza caramel. Mwaona? Choyamba ndi ufa woyera. Wheat bran ndi madeya a tirigu amene awabwezeramo pang'ono, ngati munthu watapa madeya kadzanja n'kuwaza muufa woyera. Ndi bwinoko kusiyana ndi woyera weniweni, sindikukana, koma kamtima kaja mulibe, ndipo kuti madeyawo ndi ochuluka bwanji akudziwa ndi wophika yekha. Tinjere tija tabwera pambuyo pa mchere ndi shuga. Mchere mubuledi umakhala wochepa kwambiri, galamu imodzi kapena kupitirira pang'ono pa magalamu 100. Ndiye chinthu chikalembedwa pambuyo pa mchere, dziwani kuti n'chongowaza pamwamba kuti maso akhute. Caramel ndi shuga wowotcha ndanena uja, wopatsa mtundu. Ena salemba dzinalo, amalemba nambala yake, E150. Ena amathira molasses, madzi akuda otsala popanga shuga wa nzimbe, kapena malt, chomwe ndi chimera. Zonsezi zimadetsa buledi, koma sizibweza chimene chinachoka pokonola.

Liwu lakuti Multigrain lija limangonena kuti muli mbewu zamitundu ingapo. Silinena kuti mbewuzo n'zosakonola. Mutasakaniza ufa woyera wa chimanga, ufa wa mpunga woyera ndi ufa woyera wa tirigu, mwapanga mbewu zitatu, ndipo simunaname, koma madeya mulibe ndi pang'ono pomwe. Alipo buledi wa mbewu zambiri amene ndi wabwino ndithu, koma mudzamuzindikira ndi liwu lomwe lija, lili kutsogolo kwa ufa woyamba pa mndandanda.

Palinso fortified kapena enriched. Amenewa musawadane nawo, n'chinthu chabwino. Kuno kwathu ufa wa tirigu amauthira ayironi ndi mavitamini kufakitale, monga momwe shuga ndi mafuta ophikira amathiramo vitamini A. Kungoti zimenezi sizisandutsa ufa woyera kukhala mgaiwa. Abwezamo zina mwa zimene zinatayika, faiba ija ayi.

Nthawi zina mupeza paketi yolembedwa kutsogolo kuti made with whole grain. Pamenepo chenjerani, chifukwa akungonena kuti athirako, sakunena kuti ndi wochuluka bwanji. Pitani kumbuyo. Ngati ufa wathunthu uli pachitatu kapena pachinayi, ufa woyera uli poyamba, ndi buledi woyera wothirako. Ngati wathunthu uli poyamba, woyera n'kubwera pambuyo pake, ndi wosakaniza, koma wathunthuwo ndiye wachuluka, ndipo mukasowa wina mutha kutenga ameneyo. Ena amalemba peresenti pambali pa dzina la ufa, imeneyo ikakhalapo ntchito yaphweka.

Mukafuna kutsimikiza, pali kabokosi ka manambala pafupi pomwepo. Yang'anani mzere wa magalamu 100, osati wa kagawo kamodzi, chifukwa magawo amasiyana kukula. Pezani Fibre, yomwe ndi faiba ija, ndi Carbohydrate, chakudya chimene chimasanduka shuga m'magazi. Buledi woyera faiba yake imakhala magalamu awiri kapena atatu, wa ufa wathunthu imafika 6 kapena 7. Wa achimweneyu alemba 48 pa Carbohydrate, 3 pa Fibre. Gawani 48 ndi 3, mupeza 16. Amene ndili naye patebulo pano, mndandanda wake ukuyamba ndi whole wheat flour, kenako madzi, yisiti, mchere, ndipo manambala ake ndi 42 ndi 7, tikagawa tipeza 6. Yankho likakhala 10 kapena kutsika, zili bwino. Likakwera kupitirira pamenepo, faiba yachepa. Koma kuwerengera kumeneku kubwere pambuyo, chifukwa wothira madeya ambiri muufa woyera atha kukweza faiba, nambala n'kuoneka yokongola. Mawu a pa mndandanda ndiwo oyamba.

Kumanja nakonso kumathandizako. Buledi wa ufa wathunthu amalemera, safufuma kwambiri, ukamudula umaona timadontho ta madeya paliponse m'kati, ndipo pakamwa amamveka kukhakhala pang'ono. Wopaka mtundu uja m'kati mwake ndi mosalala, mtundu umodzi ponseponse, ukamufinya amakhwinyata ngati thonje. Komabe musadalire zimenezi zokha, poti ufa wathunthu wina amaugaya mosalala kwambiri.

Tsono vuto la kuno mukulidziwa, buledi wambiri wa m'magolosale ndi wa kumsika amabwera m'pepala loyera lopanda cholemba chilichonse. Pamenepo palibe chowerenga. Ngati ophikawo mukuwadziwa, afunseni mwaulemu kuti pathumba la ufa amene amagwiritsa ntchito palembedwa chiyani, kapena akuonetseni thumbalo. Likakhala lolembedwa brown bread flour, nthawi zambiri ndi ufa woyera wobwezeramo madeya. Wogulitsa akangoti ndi bulauni weniweni amayi, mutengeni ngati buledi wamba, abambo asamudye momasuka poganiza kuti ndi wa odwala shuga.

Za phala la m'mabokosi lija munafunsa, njira yake ndi yomweyi. Oti, amene pa paketi amalemba rolled oats kapena oats basi, ndi njere yathunthu yongophwanyidwa, ngakhale liwu lija lisalembedwe. Konifuleki wamba ndi chimanga chokonola, chothira shuga ndi chimera, ngakhale bokosi lake likongole bwanji. Ndipo pa mabokosi amenewa muyang'anenso kuti shuga ali pachingati. Akakhala pachiwiri, libwezeni pashelefu. Kunena zoona, phala la mgaiwa kapena la mawere limene mumaphika pakhomopo ndi njere yathunthu kale, ndipo ndalama yake ndi yochepa. Kungosamala supuni ya shuga.

Mukamupeza woyenerayo, musagule awiri poopa kuvutika kubwerera. Kutentha kwa kuno kunyanja buledi sachedwa kuchita chuku, makamaka akakhala m'pulasitiki yomanga. Gulani mmodzi, muone tsiku lolembedwa pa paketi, ndipo ngati magetsi alipo dulani magawo muike mufiriji mozizira kwambiri muja, muzitulutsa ochepa ochepa. Ufa wathunthu mukaugula kuti muziphika nokha, nawonso suchedwa kununkha chifukwa cha mafuta a m'kamtima, monga umachitira mgaiwa ukakhalitsa.

Chinanso muwauze abambo, ndipo muwauze mofatsa poti mukuwadziwa akaukonda tiyi wawo wam'mawa. Buledi wa ufa wathunthu nayenso amakweza shuga. Mwaona nokha, 42 ndi 48 sizikutalikirana kwenikweni. Asati poti uyu ndi wabwino ndiye adye theka la buledi. Muyeso ukhale womwe anawauza kuchipatala, adyere limodzi ndi dzira kapena chiponde chopanda shuga, ndipo mankhwala asasiye.

Wa dzulo uja musataye, ana adya ndi tiyi. Mukafika m'shopumo n'kuona kuti tizilembo tikukuvutani, jambulani kumbuyo kwa paketi, muyandikitse foni kuti mzere woyamba uoneke bwino, munditumizire. Foni ndili nayo m'manja mpaka madzulo. Mundiperekere moni kwa abambo ndi alamu.