Kutopa kobwera ndi ludzu: mungadziwe bwanji kuti ndi shuga, osati kutentha kwa Okutobala?

[Chithunzi: Mbare Musika m'mawa, amayi akuyala tomato, dzuwa layamba kale kuswa mtengo]

Muli bwanji abale athu a ku Mbare, Mufakose, Mabvuku, Epworth ndi konse kumene mukutionera? Munthu akatopa muno mu Harare, zifukwa sizisowa: wadzuka 4 koloko kukadikira kombi, wasenza madzi kuchokera ku mjigo, kukutenthanso. N'chifukwa chake shuga amabisala bwino pakati pathu. Lero tikambirane kutopa kumodzi kokha, kumene kumabwera limodzi ndi ludzu komanso kukodza kwambiri, ndi momwe mungakusiyanitsire ndi kutopa kwa ntchito.

[Chithunzi: chojambula cha thupi, kapamba ndi impso zikuwala]

Nsima ija, imene anzathu kuno amati sadza, ikafika m'mimba imasanduka shuga, ndipo shugayo amalowa m'magazi. Kuti achoke m'magazi n'kulowa m'minofu momwe amakapereka mphamvu, pamafunika insulini, yomwe imapangidwa ndi kapamba. Insulini ikachepa, kapena thupi likasiya kuimvera, shuga amangodzazana m'magazi pomwe minofu ikufa ndi njala. Ndiye munthu wadya mpaka kukhuta, koma pakangopita kanthawi ali lefuu pa mpando, maso akulemera.

Tsopano mvetserani za impso, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Impso zimasefa magazi usana ndi usiku, ndipo shuga amene wasefedwa zimamubwezera m'magazi. Koma zili ndi malire. Kwa anthu ambiri, shuga akapitirira pafupifupi 10 pa muyezo wa shuga m'magazi wotchedwa mmol/L, impso zimalephera kumubweza yense, wina n'kutsikira mu mkodzo. Shuga satsika yekha, amakoka madzi. Mkodzo umachuluka, thupi limauma, pakhosi pamachita gwaa, munthu n'kumwa madzi ambiri, n'kukodzanso. Usiku amadzuka katatu kapena kanayi, tulo n'kudukaduka. Choncho kutopa kwa shuga kumachokera mbali zitatu nthawi imodzi: minofu sikulandira chakudya, thupi latha madzi, ndipo munthu sakugona.

[Chithunzi: mayi atakhala pa benchi lake la tomato, botolo la chakumwa pambali]

Tiyerekeze mayi wa zaka 46 amene amagulitsa tomato pa Mbare. Kuyambira Ogasiti amamva kuti thupi si lake. Akuti ndi kudzuka m'mamawa. Pofika Okutobala ludzu lakula, akuti ndi dzuwa, ndipo aliyense pamsikapo akuvomereza chifukwa onse akumva kutentha. Pothetsa ludzulo amagula chakumwa chozizira chotsekemera, nthawi zina mahewu othira shuga, kunyumba amasungunula Mazoe. Apa ndi pamene zimatipweteka mtima kwambiri, chifukwa botolo la 500 ml la zakumwa zotsekemera zambiri limakhala ndi shuga wokwana masipuni a tiyi 10 kapena kuposa. Mayiyu akuthira mafuta pa moto akuganiza kuti akuzimitsa. Shuga akukwera, mkodzo ukuchuluka, ludzu likubwerera lokulirapo.

Chimene chikanawadzutsa n'chosavuta. Munthu amene watenthedwa ndi dzuwa amatuluka thukuta, ndipo mkodzo wake umachepa, umakhala wachikasu chakuda. Munthu amene shuga wakwera amamva ludzu lomwelo, koma mkodzo wake ndi wambiri, woyera ngati madzi, usiku womwe, ngakhale tsiku lozizira. Ludzu pamodzi ndi mkodzo wochepa, ganizirani dzuwa. Ludzu losatha pamodzi ndi mkodzo wambiri, ganizirani shuga.

Mukhoza kudziyeza nokha. Tengani chigubu cha malita 2 chimene simudzagwiritsanso ntchito. M'mawa mukadzuka, mkodzo woyamba tayani. Kuyambira pamenepo sungani wonse mpaka woyamba wa m'mawa wotsatira, mukuwerenga kuti chigubu chadzaza kangati. Munthu wamkulu nthawi zambiri amatulutsa lita imodzi kapena awiri pa tsiku. Mukapitirira malita 3, pamenepo pali nkhani yokafotokoza ku kiliniki. Mayi wathu uja atayeza anapeza malita atatu ndi theka.

Ena amati ndi matenda a chikhodzodzo. Amenewo amakukodzetsani pafupipafupi ndithu, koma mkodzo wake ndi wochepa ndipo umawotcha potuluka. Abambo achikulire amati ndi ukalamba chabe. Pa vuto la abambo lija, la kukula kwa kachiwalo ka pansi pa chikhodzodzo kotchedwa prostate, mkodzo umavuta kuyamba, umatuluka mofooka, n'kumadontha pomaliza. Wa shuga umatuluka wambiri, mosavuta, ulendo uliwonse. Matenda awiri amatha kukhalira limodzi, ndiye musadzigamule nokha. Za nyerere zounjikana pomwe munthu wakodza, akuluakulu sananame, koma musadikire nyerere. Shuga amatha kukhala wokwera zaka zingapo asanafike mlingo wotsikira mu mkodzo.

[Chithunzi: siketi yomangidwa ndi pini m'chiuno, kenako sikelo]

Mayi uja waondanso. Anali ndi makilogalamu 78, tsopano ali ndi 73 m'miyezi itatu, chikhalirecho akudya bwinobwino, mwinanso kuposa kale. Chakudya chikutayika mu mkodzo, ndipo thupi layamba kudya mafuta ndi minofu yake. Kwathu kuno munthu akaonda, anthu amayamba kunong'onezana za TB kapena kachilombo, ndipo ambiri amaopa n'kukhala phee kunyumba. Kukayezetsa zimenezo ndi bwino kwambiri. Koma zotsatira zikatuluka kuti mulibe, musabwerere kunyumba musanapemphe kuti akuyezeninso shuga. Ndipo amene muli pa mankhwala otalikitsa moyo, shuga akhoza kukupezani ngati wina aliyense.

Pali chizindikiro china chimene amayi ambiri amachita nacho manyazi: kuyabwa kumaliseche ndi zoyera zotuluka, zimene ena amazitcha mauka. Mkodzo wa shuga umadyetsa tizilombo timene timayambitsa kuyabwako. Mayi amagula mankhwala opaka ku famase, zimatha, pakapita milungu itatu zabweranso. Abambo nawonso, makamaka osadulidwa, amayabwa ndi kufiira kunsonga, khungu n'kumang'ambika. M'nyumba mumabuka mkangano, wina kuloza mnzake chala kuti wayenda, pomwe wolakwa ndi shuga. Zikabwerera kachiwiri kapena kachitatu, yezetsani magazi. N'chimodzimodzi zithupsa zotuluka mobwerezabwereza, ndi kabala kakang'ono kakuphazi kamene katha milungu iwiri osapola.

Maso nawo amanamiza. Shuga akakwera, diso limasintha kuchuluka kwa madzi mkati mwake, ndiye lero mukuona bwino, mawa zilembo za pa foni zili mbuu. Maso a ukalamba amafooka pang'onopang'ono osabwerera, koma awa amasinthasintha. Musathamangire kugula magalasi. Shuga akatsika n'kukhazikika kwa milungu ingapo maso amasinthanso, magalasi aja n'kukhala opanda ntchito. Onaninso kumbuyo kwa khosi ndi m'khwapa: khungu lakuda, lokhuthala, losalala ngati nsalu, limene silichoka ngakhale mukhule ndi mwala, si litsiro. Nthawi zambiri limasonyeza kuti thupi layamba kukana insulini.

Ndipo amene mumati thupi likangophwanya ndi malungo: mu mzinda wa Harare malungo si ofala. Ngati munapita kumudzi ku Malawi, ku Mozambique kapena ku zigwa zotentha, yezetsani msanga. Koma kutopa kwa miyezi, kopanda kutentha thupi, si khalidwe la malungo.

[Chithunzi: namwino akubaya chala, kachipangizo kakuonetsa nambala]

Kuyeza kwake kumatenga mphindi zochepa. Makiliniki a khonsolo amayeza, mafamase ambirinso amayeza pa kauntala. Akubayani kunsonga kwa chala, kadontho ka magazi n'kuikidwa pa kapepala kolowetsa m'kachipangizo.

Sambani m'manja ndi sopo, muumitse bwino musanabayidwe. Chala chimene changosenda mango kapena nthochi chimapereka nambala yokwera yabodza, ndipo ogulitsa zipatso zimawachitikira kawirikawiri. Timapepala timene tatha nthawi yake, kapena tosungidwa m'kabotolo kosatseka, timanamanso.

Kuyeza kodalirika ndi kwa m'mawa musanadye, patapita maola osachepera 8 chidyereni. Madzi wamba mukhoza kumwa, koma tiyi wa shuga ayi, ngakhale kakapu kamodzi. Nambala ikakhala pansi pa 5.6, zili bwino. Kuyambira 5.6 mpaka 6.9 muli pa khomo: matenda sanakhazikike, koma akhoza kubwera mukapanda kusintha kadyedwe ndi kulemera kwa thupi. Ikafika 7.0 kapena kuposa, umenewo ndi mlingo wa matenda a shuga. Ngati mwayezedwa nthawi ina iliyonse mutadya kale, nambala ya 11.1 kapena kuposa, pamodzi ndi zizindikiro tatchulazi, ikunena zomwezo. Kachipangizo kena kobwera ndi achibale kuchokera kunja kamaonetsa manambala aakulu ngati 126 kapena 200. Kameneko kakuwerenga mu mg/dL, ndipo mukagawa ndi 18 mupeza nambala yathu ija. Amayi oyembekezera ali ndi milingo yawoyawo, afunse ku sikelo.

Mayi wa tomato uja anayezedwa masana atadya, panatuluka 14.8. M'mawa mwake asanadye, 9.6. Pamenepo anamwino anawatumiza kukatengetsa magazi a pamkono, chifukwa kachipangizo ka chala kamangolozera, kutsimikiza kumachitika ku labotale. Kumeneko kuli kuyeza kwina kotchedwa HbA1c, kumene kumaonetsa momwe shuga wakhalira pa miyezi iwiri kapena itatu yapitayo, ndipo sikufuna kuti mukhale ndi njala. Kuyambira 6.5 peresenti ndi matenda a shuga. Koma ngati muli ndi vuto la kuchepa magazi, kapena mwangothiridwa kumene magazi, auzeni adokotala, chifukwa nambala imeneyi imatha kusokonekera. Auzeninso ngati mukumwa mapiritsi a puredinisoloni, amene amaperekedwa pa mphumu ndi nyamakazi, chifukwa amakweza shuga. Ndipo chonde musabwereke mapiritsi a shuga a mnansi wanu pongoona nambala imodzi.

[Chithunzi: chikwangwani chofiira, mawu akuti "Osadikira mawa"]

Zonse tanenazi zimayenda pang'onopang'ono, miyezi kapena zaka. Koma kwa ana ndi achinyamata pali mtundu wina wa shuga umene umathamanga m'masiku kapena milungu yochepa. Mwana amene anasiya kale kukodza pogona wayambiranso, akumwa madzi osakhuta, akuonda mukuona. Musamukalipire, kamuyezetseni lero lomwe.

Mwana kapena wamkulu, ngati pa ludzu ndi kukodza kuja pawonjezeka kusanza, kupweteka m'mimba, kupuma mozama komanso mofulumira, mpweya wa m'kamwa wonunkhira ngati zipatso zakupsa kwambiri, kapena kusinza ndi kusokonezeka mutu, si chakudya choipa chimene anadya dzulo. Chimodzimodzinso kachipangizo kakalemba HI m'malo mwa nambala: shuga wapitirira pomwe kamatha kuwerenga. Musam'patse chakumwa chotsekemera. Ngati ali maso ndipo akutha kumeza, m'mwetseni madzi wamba pang'onopang'ono muli m'njira. Pezani galimoto nthawi yomweyo, usiku kapena usana, mupite ku chipatala chachikulu chimene chili pafupi nanu, monga Parirenyatwa kapena Sally Mugabe chija ambiri amachitcha ku Gomo, ndipo mukangofika pa khomo nenani kuti mukukayikira shuga kuti amubaye chala msanga.