Kalata ya ku labotale: chifukwa chake tikuti mphindi 20

[Mphunzitsi ali pa tebulo, kalata ili m'manja]

Makolo nonse a ana a Fomu 3 kuno ku Salima, takulandirani. Kalata iyi, yonena za phunziro loyesa asidi ndi alikali ku labotale, ndinaitumiza sabata yatha, ndipo bambo wina anandiyimitsa pamsika n'kufunsa kuti, "Aphunzitsi, mwalemba kuti mankhwalawo ndi osungunula ndi madzi ambiri. Nanga magalasi oteteza maso ndi a chiyani?" Funso labwino, ndiye tiyeni tione.

[Mabotolo awiri, lina lalembedwa HCl, lina NaOH]

Ili la HCl ndi asidi. Ili la NaOH ndi alikali, soda yemweyo amene ena mumapangira sopo. Ambiri amaopa asidi. Ine pa awiriwa, amene amandisowetsa tulo ndi alikali.

Asidi wosungunula akagwera pabala kapena m'diso amaluma pompo, mwana amathamangira madzi yekha. Alikali akagwa pakhungu sawawa msanga. Zala zimangoterera ngati wagwira sopo. Amayi amene mumatcheza chidulo chophikira therere, kuterera kumeneku mumakudziwa. Kuterera kwake n'kwakuti alikaliyo wayamba kusandutsa mafuta a pakhungu kukhala sopo. Pachala si nkhani yaikulu, kusamba ndi madzi ambiri kumakwana. M'diso ndi zina: amapitiriza kulowa mkati, ngakhale mwana akunena kuti kwasiya kuwawa.

N'chifukwa chake m'kalatamo ndalemba kuti magalasi savula mpaka mabotolo atatsekedwa ndi ziwiya zitatsukidwa. Ndikudziwa, kutentha kwa Okutobala kuno magalasiwo amachita nthunzi, ana amawakankhira pamphumi. Wotero ndimamukhazika pambali.

[Mwana wakhala pampando, mnzake wanyamula jagi ya madzi]

Tinene kuti dontho lagwera m'diso lamanzere la mtsikanayu. Asatikite. Apendeketse mutu kumanzere, kuti diso lovulalalo likhale mmunsi. Mnzake athire madzi oyera pang'onopang'ono kuchokera cha kumphuno, kuti otsikawo asadutse m'diso linalo. Zikope zifuna kutsekeka zokha, ndiye muzitsegule ndi zala zosamba. Mphindi 20, zoyang'ana pawotchi, osati zongoganiza. Jagi imodzi sikwana, ndiye ndowa timatungiratu kumjigo phunziro lisanayambe. Mukatha, kuchipatala, mutalemba papepala dzina lomwe lili pabotolo.

Ana ena ochenjera amati, "Paja asidi ndi alikali zimathetsana mphamvu, tithire madzi a mandimu." Zimenezo zimachitika mu kapu yoyesera, osati m'diso. Mandimu, viniga, shuga, mkaka, zonsezi ayi. Madzi okha.

Pansi pa kalatayo pali malo oti musayine. Ngati mwana wanu ali ndi bala pamkono, vuto la khungu kapena la maso, lembani pomwepo. Ibwere Lolemba, chifukwa Lachitatu tikuyamba kuyesa ndi mapepala a litimasi, amene amasintha mtundu akakhudza asidi kapena alikali.