Makalata a Omvera: Lembani kaye, kugawana pambuyo

"Bambo athu anamwalira osalemba wilo. Asiya amayi, ana anayi, chigayo cha dizilo chimene chinasiya kugwira ntchito, ng'ombe zinayi, njinga yamoto, katundu wa m'nyumba ndi ngongole ya feteleza. Achimwene akuti aliyense angoloza chinthu chimodzi basi, iwo aloza kale chigayo. Amalume atenga ng'ombe ziwiri akuti akukasunga. Tigawane bwanji kuti pasakhale wolira? Ndine mwana wamkazi, ku Dedza."

Pepani ndi maliro, chemwali. Kalata yanu yandikhudza kwambiri, moti omvera ena mundikhululukire, lero nditaya nthawi pa iyiyi.

Musaloze kanthu. Gulani kope. Itanani amayi, ana onse, mwinimbumba, ankhoswe a mbali zonse ziwiri ndi nthumwi ya amfumu, muyende limodzi kuyambira m'nyumba, kukhola, mpaka kuchigayo. Mmodzi azilemba, wina azijambula pa foni. Chinthu chilichonse chikhale ndi mzere wake: ndi chiyani, chili kwa yani lero, chili bwanji, pepala la umwini lili kuti, ndipo chingagulitsidwe ndalama zingati. Mukamaliza aliyense asaine kapena adinde chala pa tsamba lililonse, osati lomaliza lokha, chifukwa tsamba lapakati ndi limene limathothoka. Mupange mafotokope, mbali iliyonse isunge yake.

Pamene mukulembapo, pali zinthu zimene muzilemba koma sizilowa m'gawo. Lamulo la chuma cha masiye la chaka cha 2011 limati mkazi kapena mwamuna wotsala amasunga katundu wa m'nyumba yake. Bedi, mipando, mapoto, mbale, zofunda, wailesi imene mukundimverayi, zimenezo n'za amayi anu, palibe woziwerengera mtengo. Chimodzimodzi zimene amayi anagula okha ndi ndalama za geni yawo, komanso zobwereka. Ngati khasu kapena wilibala ndi ya aneba, ilembeni kuti ndi ya aneba, ibwerere kwawo.

Tsopano pa chigayo. Achimwene anu akuganiza kuti atola chikwama, koma mwina atola mtolo, ndipo palibe akudziwa mpaka makaniko atachiona. Musangolemba kuti "chigayo chimodzi". Lembani injini payokha ndi nambala yake, mphero payokha, malamba, sefa, ndi nyumba imene chilimo ngati ndi ya bambo. Makaniko ayese kuliliza, aone ngati injini ikutulutsa utsi wambiri, ikudontha oilo, kapena inagwira. Aone nyundo za mu mphero ngati zatha. Akuuzeni mitengo iwiri: chigayo chotere chakale chikugwira ntchito anthu akugula zingati, ndipo kukonza chanucho kudya zingati. Tiyerekeze kuti wanena K3,000,000 ndi K800,000. Mtengo wolemba m'kope ndi K2,200,000.

Risiti ya bambo isakupusitseni. Imathandiza kutsimikiza kuti chinthucho chinali chawo, koma mtengo wake ndi wakale. Kumbukirani kuti mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Mtengo wofunika ndi umene munthu angakupatseni lero, chinthucho chili mmene chililimo. Ndipo wonena mtengo asakhale munthu amene akuchifuna. Funsani anthu awiri kapena atatu akunja kwa banja, mutenge wapakati.

Ng'ombe nazo si "ng'ombe zinayi". Iliyonse payokha: mtundu wa ubweya, yaimuna kapena yaikazi, yofula kapena ayi, ili ndi bere kapena ayi, mano ake akuonetsa zaka zingati. Mlangizi wa ziweto kapena ogula ng'ombe a kumsika amadziwa zimenezi. Tinene kuti yaikazi ya bere ndi K900,000, ziwiri zokoka ngolo K800,000 iliyonse, thole K300,000. Zonse pamodzi K2,800,000. Njinga yamoto, mutaona matayala, injini ndi mapepala ake ngati ali m'dzina la bambo, tiike K1,000,000.

Chuma chonse chafika K6,000,000. Koma ngongole imayamba kudya ana asanadye. Ifunseni ndi umboni, pepala kapena mboni, chifukwa pamaliro pamabadwa angongole ambiri amene malemu sankawadziwa n'komwe. Ngati yatsimikizika kuti ndi K1,000,000, mutha kugulitsa njingayo n'kubweza. Zatsala K5,000,000. Amayi ndi ana anayi, anthu asanu, mukagwirizana zofanana ndiye K1,000,000 aliyense.

Mwaona tsopano? Achimwene akatenga chigayo ndiye kuti apyola gawo lawo ndi K1,200,000, ndipo ndalama imeneyo ndi imene ikusowa kwa enanu. Wotenga ng'ombe ya bere akusowa K100,000, otenga zangolo K200,000 aliyense, wa thole K700,000. Achimwene alembe kuti azibweza liti ndi motani, pamaso pa mboni zomwe zija. Akalephera, chigayo chikonzedwe n'kukhala cha nonse, kapena chigulitsidwe. Ine maganizo anga, ng'ombe zangolozo musazisiyanitse. Imodzi payokha siikoka ngolo, ndiye ndi bwino awiri azigwiritse ntchito limodzi. Komanso ngati pakati panu pali wamng'ono amene akadali pasukulu, lamulo limalola kuti gawo lake likulirepo, ndipo ndikukupemphani akulunu musadikire kuti khoti likuuzeni zimenezo.

Kope lanulo si chilolezo chogawana. Pitani nalo ku ofesi ya DC pamodzi ndi satifiketi ya imfa, akakuuzeni ngati nkhani yanu ithera pomwepo, kapena ipite kwa Administrator General, mkulu wa boma woona za chuma cha masiye, kapena kukhoti kuti wina apatsidwe mphamvu yoyendetsa chumacho. Kawirikawiri ndalama za kubanki sizituluka popanda pepala lopereka mphamvu imeneyo.

Nanga amalume. Ndikulankhula mwaulemu, chifukwa mwina mukumvera. Mawu oti "ndikukasunga" ndawawerenga m'makalata ambiri sabata ino, ochokera kumpoto, pakati ndi kummwera komwe. Uyu wakasunga malata, uyu wakasunga mashini osokera, wina wakasunga ndi makiyi a nyumba. Kodi malemu ali moyo zinthuzi zinkagona panja? Abale anga, wosunga weniweni amasaina. Amalemba kuti ng'ombe yakuda ya nyanga imodzi ili kwa ine kuyambira tsiku lakuti, ikabereka thole ndi la ana a malemu, ikafa ndidzaitana mboni isanasendedwe. Wokana kulemba zimenezi sakusunga, akulanda, ndipo kulanda chuma cha masiye ndi mlandu umene munthu amapita nawo kundende. Mwambo wathu unapatsa malume udindo woyang'anira mbumba. Sunawapatse khola. Chemwali, muwatumizire ankhoswe kaye mwaulemu. Zikakanika, kwa amfumu, kenako kupolisi, ku ofesi yothandiza anthu ochitiridwa nkhanza.

Nthawi yathamanga, ndiyankhe ena mwachidule.

"Ndili ku Joni, abale akuti andiuza akamaliza kugawana." Ayi achimwene, auzeni akutumizireni zithunzi za masamba onse pa WhatsApp asanagawe, ndipo mutchule munthu wokuimirirani.

"Kodi penshoni ya malemu amuna anga ilowe m'kope?" Ilembeni kuti idziwike, mayi, koma kafunseni kuntchito kwawo fomu imene analembapo maina a olandira, chifukwa ndalama zimenezo zimatsata fomuyo, osati msonkhano wa pabanja.

"Nanga zovala tiziike mtengo?" Bambo a ku Balaka, jekete limenelo lisakusowetseni tulo. Zovala gawanani monga mwa mwambo wanu, ingolembani amene watenga.

"Nyumba ya m'tauni tiyerekeze tokha mtengo?" Imeneyo ayi. Pezani katswiri wovomerezeka woyesa mitengo ya nyumba, ndipo musanamuitane fufuzani mapepala a puloti kuti ali m'dzina la yani, ndiponso ngati pali ngongole ya madzi, magetsi kapena msonkho wa khonsolo imene yatsalira.